Malonda achitika Loweruka, mtengo wosinthira ndalama wa tsikulo palibe: mutenge uti?

Amene amasunga mabuku a ndalama kapena kulemba mapulogalamu a akaunti amalidziwa bwino vutoli. Muli ndi matebulo awiri. Loyamba lili ndi malonda amene anachitika m'ndalama zakunja, aliwonse ali ndi tsiku lake. Lachiwiri lili ndi mitengo yosinthira ndalama, nawonso uliwonse uli ndi tsiku lake. Mukalumikiza matebulowa pofananitsa masiku, malonda ena amasowa mtengo, ena amazimiririka m'lipoti mwakachetechete, ndipo chiwerengero chonse chimatsika popanda wodziwa chifukwa. Gwero lake n'lakuti malonda amachitika tsiku lililonse, pomwe mitengo yovomerezeka imatuluka masiku antchito okha.

Lamulo lomwe ambiri amatsata pothetsa zimenezi ndi ili: pa malonda aliwonse, tengani mtengo wa tsiku lomwelo ngati ulipo, ndipo ngati palibe, bwererani m'mbuyo mpaka mutapeza mtengo womaliza umene unatuluka tsikulo lisanafike. Mtengo wosinthira ndalamawu anthu amangoti reti, ndipo ndi mawu amene tigwiritse ntchito kuyambira pano.

## Chifukwa chobwerera m'mbuyo

Reti ili ngati mtengo wolembedwa pa bolodi la m'sitolo. Ukalembedwa Lachinayi, umagwirabe ntchito Lachisanu ndi Loweruka mpaka wina atafufuta n'kulembapo watsopano. Wogula wa Loweruka sangalipire mtengo umene udzalembedwe Lachiwiri likubwerali, chifukwa panthawiyo palibe amene akuudziwa.

Kumbali ya mabuku, phindu la lamuloli ndi lakuti yankho lake silisintha. Mukawerengera malonda a Loweruka tsiku lomwelo, kenako n'kuwawerengeranso pakatha miyezi isanu ndi umodzi, mupeza nambala imodzimodzi, chifukwa reti ya kumbuyo inalembedwa kale ndipo ili pomwepo. Njira zina zili ndi vuto pamenepa. Mukati "ndizitenga reti yapafupi kwambiri, kaya ya kumbuyo kapena ya kutsogolo", yankho limadalira tsiku limene mwayendetsa lipotilo. Lero reti ya kutsogolo sinatuluke, ndiye mutenga ya kumbuyo. Mawa ikatuluka, malonda omwewo asintha mtengo. Woyendera mabuku akafunsa chifukwa chimene lipoti la Lolemba likusiyanirana ndi la Lachitatu, simukhala ndi poyankha pabwino.

Sikuti lamuloli ndi lokhalo lololedwa. Muyezo wa akaunti wa IAS 21 umati malonda a m'ndalama zakunja alembedwe poyamba pa reti ya tsiku limene anachitika, komanso umalola kugwiritsa ntchito reti yapakatikati ya sabata kapena mwezi ngati mareti sakusinthasintha kwambiri. Mabungwe a msonkho m'mayiko ena amakhala ndi mareti awoawo amene amafuna kuti agwiritsidwe ntchito. Choncho funso loti mutsate lamulo liti limayankhidwa ndi ndondomeko ya bungwe lanu ndi malamulo a kumene muli. Pano tikuona mmene lamulo la "tsiku lomwelo kapena lomaliza kumbuyo" limachitikira molondola mukalisankha.

## Chitsanzo cha sabata ya Pasaka ya 2024

Banki yaikulu ya mayiko ogwiritsa ntchito yuro, ECB, imatulutsa mareti ake tsiku lililonse lantchito cha m'ma 4 koloko masana, nthawi ya ku Frankfurt. Siitulutsa Loweruka ndi Lamlungu, komanso pa 1 Januwale, Lachisanu Loyera, Lolemba la Pasaka, 1 Meyi, 25 ndi 26 Disembala. Mu 2024 Lachisanu Loyera linali pa 29 Malichi ndipo Lolemba la Pasaka linali pa 1 Epulo. Izi zikutanthauza kuti reti itatuluka Lachinayi pa 28 Malichi, ina sinatulukenso mpaka Lachiwiri pa 2 Epulo. Masiku anayi athunthu analibe reti, ndipo mkati mwake munali kutha kwa mwezi ndi kutha kwa kotala yoyamba ya chaka.

Tiyerekeze kampani imene mabuku ake ali m'mayuro koma imagulitsa katundu pa intaneti m'madola a ku America. Masiku ali m'munsiwa ndi enieni, koma manambala a mareti ndi ongopangira chitsanzochi kuti masamu akhale osavuta. Reti iliyonse ikunena kuchuluka kwa madola amene yuro imodzi ikugula.

| Tsiku | Madola pa yuro imodzi |
|---|---|
| 26 Malichi, Lachiwiri | 1.0850 |
| 27 Malichi, Lachitatu | 1.0820 |
| 28 Malichi, Lachinayi | 1.0800 |
| 2 Epulo, Lachiwiri | 1.0750 |

Malonda alipo anayi. A anachitika pa 27 Malichi, madola 5,410.00. B anachitika Loweruka pa 30 Malichi, madola 2,700.00. C anachitika pa 1 Epulo, madola 1,080.00. D anachitika pa 2 Epulo, madola 2,150.00.

Pa malonda aliwonse pali masitepe atatu. Choyamba, mumachotsa mareti onse a masiku a kutsogolo kwa tsiku la malondawo. Chachiwiri, pa otsalawo mumasankha amene tsiku lake ndi laposachedwa kwambiri. Chachitatu, mumagawa madolawo ndi retiyo.

Malonda A ali ndi reti ya tsiku lomwelo, 1.0820, ndipo 5,410.00 kugawa ndi 1.0820 ndi mayuro 5,000.00. Malonda B alibe ya tsiku lomwelo. Mukachotsa ya pa 2 Epulo patsala mareti atatu, ndipo waposachedwa ndi wa pa 28 Malichi, 1.0800. Madola 2,700.00 akhala mayuro 2,500.00. Malonda C nawonso atenga 1.0800, ngakhale kuti pa 1 Epulo ndi pafupi kwambiri ndi pa 2 Epulo kusiyana ndi pa 28 Malichi, ndipo akhala mayuro 1,000.00. Malonda D atenga 1.0750 ya tsiku lomwelo n'kukhala mayuro 2,000.00. Zonse pamodzi ndi mayuro 10,500.00.

Tsopano onani mmene zolakwika zodziwika zimasinthira nambala imeneyi. Mukalumikiza matebulo pofananitsa masiku ndendende, B ndi C sapeza mnzawo, ndipo lipoti limaonetsa mayuro 7,000.00. Mayuro 3,500.00 asowa popanda uthenga uliwonse wochenjeza. Mukatenga reti yapafupi m'malo mwa ya kumbuyo, C atenga 1.0750 n'kukhala mayuro 1,004.65. Mukatenga reti yotsatira, B akhala mayuro 2,511.63, kusiyana kwa mayuro 11.63 pa malonda amodzi okha, ndipo malonda a mu Malichi awerengedwa pa reti ya mu Epulo. Mukaiwala mawu akuti "tsiku lomwelo" n'kumangotenga masiku a kumbuyo okha, D atenga 1.0800 n'kukhala mayuro 1,990.74. Cholakwika chomalizachi ndi choipa kwambiri chifukwa chimakhudza malonda onse a masiku antchito: aliwonse amatenga reti ya dzulo lake, koma manambala amaoneka abwinobwino.

## Kulemba lamuloli m'detabesi

Tiyerekeze kuti tebulo la `malonda` lili ndi `id`, `tsiku`, `mtundu` wa ndalama ndi `ndalama`, ndipo tebulo la `mitengo` lili ndi `tsiku`, `mtundu` ndi `reti`. Mu PostgreSQL lamuloli limalembedwa motere:

```sql
SELECT m.id, m.tsiku, m.ndalama,
       r.tsiku AS tsiku_la_reti, r.reti,
       ROUND(m.ndalama / r.reti, 2) AS mayuro
FROM malonda m
LEFT JOIN LATERAL (
  SELECT t.tsiku, t.reti
  FROM mitengo t
  WHERE t.mtundu = m.mtundu AND t.tsiku <= m.tsiku
  ORDER BY t.tsiku DESC
  LIMIT 1
) r ON true;
```

Gawo la mkatilo ndi masitepe awiri oyamba aja. `t.tsiku <= m.tsiku` ikuchotsa mareti a kutsogolo, ndipo chizindikiro cha `=` ndi chimene chikulola tsiku lomwelo. `ORDER BY t.tsiku DESC` ikuika tsiku laposachedwa pamwamba, `LIMIT 1` n'kutenga mzere wapamwambawo. Mawu akuti `LATERAL` amalola gawo la mkati kuona tsiku ndi mtundu wa mzere wa malonda umene ukuwerengedwa panthawiyo.

Mawu akuti `LEFT` musawachotse. Popanda iwo, malonda amene alibiretu reti ya kumbuyo, monga amene anachitika tebulo la mitengo lisanayambe, amatayidwa. Ndi `LEFT`, mzerewo umatsala ndipo malo a reti amakhala `NULL`, zimene mungathe kuziona n'kuzikonza. Koma samalani: `SUM` imadumpha `NULL` osanena kanthu, choncho kusunga mzerewo sikokwanira. Muyenera kuwerenga mizere yopanda reti nthawi zonse musanaphatikize ndalama.

Pali njira ziwiri zolakwika zimene anthu amalemba poyesa zomwezi. Yoyamba ndi kulumikiza ndi `<=` popanda kusankha mzere umodzi. Pa chitsanzo chathu, A apeza mareti awiri, B atatu, C atatu, D anayi, ndipo malonda anayi asanduka mizere 12. Chiwerengero chonse chimafufuma kwambiri moti cholakwikachi chimadziulula chokha. Yachiwiri imabisala: kulemba `MAX(reti)` poganiza kuti ikupatsani reti yomaliza. `MAX(reti)` imapereka nambala yaikulu, osati yaposachedwa. Pa malonda B ipereka 1.0850 ya pa 26 Malichi, ndipo mayuro akhala 2,488.48. Chimene mukufuna ndi tsiku lalikulu, kenako reti ya tsiku limenelo. Ndipo tsiku lalikululo liyenera kufufuzidwa pa mtundu uliwonse wa ndalama payokha, chifukwa dola ikhoza kukhala ndi reti pa tsiku limene ndalama ina ilibe.

Tebulo la mitengo liyenera kukhala ndi lamulo loletsa mizere iwiri ya mtundu umodzi pa tsiku limodzi:

```sql
CREATE UNIQUE INDEX ON mitengo (mtundu, tsiku);
```

Mzere umodziwu ukugwira ntchito ziwiri. Ukuthamangitsa kufufuza, chifukwa detabesi imalunjika pa mtunduwo ndi tsikulo m'malo mowerenga tebulo lonse pa malonda aliwonse. Ukuletsanso vuto limene limabwera fayilo ya mareti ikalowetsedwa kawiri kapena mareti a magwero awiri akasakanizidwa. Pakakhala mizere iwiri ya tsiku limodzi yokhala ndi mareti osiyana, `LIMIT 1` imatola uliwonse mwa iwiriyo, ndipo palibe chitsimikizo choti mawa idzatolanso womwewo.

## Mu Excel

Amene amagwira ntchito mu Excel angagwiritse ntchito `XLOOKUP`. Ngati tsiku la malonda lili mu `B2`, ndipo pa tsamba la `Mitengo` masiku ali mu kolamu `A` ndi mareti a dola mu kolamu `B`, fomula yake ndi iyi:

```
=XLOOKUP(B2, Mitengo!$A$2:$A$400, Mitengo!$B$2:$B$400, "PALIBE", -1)
```

Nambala ya `-1` kumapetoko ndi lamulo lathu lija: tsiku lofanana ndendende, kapena ngati palibe, lotsatira kumunsi kwake. Mukalemba `1`, itenga la kutsogolo. Mukasiya osalemba kanthu, ifuna lofanana ndendende, ndipo malonda a Loweruka aonetsa "PALIBE".

Fomula yakale ya `VLOOKUP` yokhala ndi `TRUE` kumapeto imachita zomwezo, koma pokhapokha masiku atasanjidwa kuyambira lakale kupita ku latsopano. Mafayilo ambiri a mareti, kuphatikizapo fayilo ya mbiri ya mareti a ECB, amabwera atasanjidwa mozondoka, latsopano pamwamba. Pa tebulo lozondoka, `VLOOKUP` ikhoza kupereka `#N/A`, koma ikhozanso kupereka reti ya tsiku lolakwika popanda chenjezo.

Chinthu china chovuta kuona ndi masiku amene analowa ngati mawu m'malo mwa masiku enieni. Amaoneka chimodzimodzi pa sikirini, koma fomula siiwafananitsa bwino. Yesani ndi `=ISNUMBER(B2)`: tsiku lenileni lipereka `TRUE`. Ndiponso 03/04/2024 kwa ena ndi 3 Epulo, kwa ena ndi 4 Malichi, ndipo kompyuta imawerenga motengera mmene inachuniridwa. Kulemba chaka, mwezi, kenako tsiku, monga 2024-04-03, kumathetsa chisokonezochi.

## Kugawa kapena kuchulukitsa

Kupeza reti yolondola ndi theka la ntchito. Theka linalo ndi kudziwa mbali imene retiyo ikuyang'ana. Mareti a ECB amanena kuchuluka kwa ndalama ina pa yuro imodzi. Choncho pochoka ku madola kupita ku mayuro mumagawa, ndipo pochoka ku mayuro kupita ku madola mumachulukitsa. Mukasokoneza, malonda B akhala 2,916.00 m'malo mwa 2,500.00. Pa ndalama ngati yeni ya ku Japan, imene yuro imodzi imagula zoposa 100, cholakwikachi chimaonekera patali chifukwa nambala imatuluka yopanda mutu. Pa dola ndi yuro, kumene reti ili pafupi ndi 1, chikhoza kukhala miyezi osaoneka. Njira yachidule yodziyesera ndi kufunsa kuti pa ndalama ziwirizi yamphamvu ndi iti. Ngati yuro imodzi ikugula dola ndi kachidutswa, nambala ya mayuro iyenera kukhala yaing'ono kusiyana ndi ya madola.

Ena amakonda kutembenuza reti kuti azingochulukitsa nthawi zonse. Zimatheka, bola musafupikitse nambala yotembenuzidwayo. Mukagawa 1 ndi 1.0800 mupeza 0.925925 ndi manambala ena osatha. Mukaifupikitsa kukhala 0.9259, madola 1,000,000 akhala mayuro 925,900.00, pomwe kugawa mwachindunji kukupereka 925,925.93. Kusiyana kwa mayuro 25.93 kwangobwera chifukwa chofupikitsa msanga. Sungani reti mmene inatulukira, ndipo mufupikitse kamodzi kokha, pa yankho lomaliza. Kuchuluka kwa manambala a pambuyo pa kadontho kumatengera ndalama imene mukupitako. Dola ndi yuro zili ndi awiri, yeni ilibe, dinari ya ku Kuwait ili ndi atatu, monga mmene muyezo wa ISO 4217 umanenera. Ndiye `ROUND(..., 2)` siiyenera ndalama iliyonse. M'detabesi, ndalama ndi mareti zisungidwe mu mtundu wa `NUMERIC`, osati `FLOAT`, chifukwa `FLOAT` siisunga ndendende nambala ngati 0.1.

Pamene ndalama zonse ziwiri si yuro, mumadutsa pa yuro. Tiyerekeze kuti pa 28 Malichi yuro imodzi inkagula mapaundi 0.8550, ndipo mukufuna kusintha mapaundi 1,000 a pa 30 Malichi kukhala madola. Mugawa 1,000 ndi 0.8550 kuti mupeze mayuro, kenako muchulukitse ndi 1.0800, osafupikitsa pakati, ndipo yankho ndi madola 1,263.16. Apa lamulo lathu likuchitika kawiri, kamodzi pa paundi ndi kamodzi pa dola. Onani ngati masiku a mareti awiriwo ndi amodzi. Ngati ya paundi ndi ya pa 27 pomwe ya dola ndi ya pa 28, mwapanga reti imene sinakhalepo tsiku lililonse. Ndondomeko yanu inene ngati zimenezi n'zololedwa, kapena ngati mubwerere ku tsiku lomaliza limene ndalama zonse ziwiri zinali ndi reti. Malonda amene ali kale m'mayuro nawonso muwakumbukire: tebulo la ECB lilibe mzere wa yuro pa yuro, choncho apatsidwe reti ya 1 mwachindunji, apo ayi atuluka ngati opanda reti.

## Reti yomaliza ikakhala yakale kwambiri

Kufooka kwakukulu kwa lamuloli n'kwakuti silidziwa poima. Limabwerera m'mbuyo mpaka litapeza kanthu, kaya ndi dzulo kaya ndi chaka chatha. Pulogalamu yokopera mareti ikasiya kugwira ntchito pa 2 Epulo popanda wozindikira, malonda a mu Meyi ndi Juni apitiriza kusinthidwa pa 1.0750. Palibe mzere wosowa, palibe `NULL`, palibe uthenga. Kulumikiza kofananitsa masiku ndendende kukanaulula vutoli tsiku loyamba lomwelo, koma lamulo lathu limalikwirira.

Zimachitikanso ngakhale pulogalamu ili bwino. ECB inatulutsa reti yomaliza ya rubo ya ku Russia pa 1 Malichi 2022, kenako inaimitsa. Amene tebulo lake linkadalira gwero limeneli, malonda ake onse a m'marubo a pambuyo pake akanapitiriza kutenga reti ya tsiku limenelo, pomwe mtengo wa rubo unkasintha kwambiri. Ndalama ikhozanso kutha. Dziko la Croatia linayamba kugwiritsa ntchito yuro pa 1 Januwale 2023, ndipo kuyambira pamenepo kuna, ndalama yake yakale, imasinthidwa pa reti yokhazikika ya 7.53450 pa yuro imodzi. Reti yomaliza ya pamsika imene ili m'tebulo lanu si imene iyenera kugwiritsidwa ntchito pa ngongole zakale za m'makuna.

Mankhwala ake ndi kuika malire a ukale wa reti. Kuti mupeze malire oyenera, onani mpata wautali kwambiri umene gwero lanu limakhala nawo pa kalendala yake. Pa ECB, mpata wa Pasaka umachititsa reti kukalamba masiku anayi, monga malonda C aja: pa 1 Epulo akugwiritsa ntchito ya pa 28 Malichi. Khirisimasi ikagundana ndi mapeto a sabata imaperekanso masiku anayi. Ndiye malire a masiku asanu amalola tchuthi chilichonse cha pa kalendala imeneyi, koma amagwira pulogalamu yakufa sabata isanathe. Malire a masiku atatu angakane malonda abwinobwino a Lolemba la Pasaka. Gwero lina lili ndi maholide ena, ndipo gwero lotulutsa reti kamodzi pamwezi limafuna malire opitirira mwezi. Mu SQL ija, onjezani izi pa `WHERE` ya mkati, ngati `tsiku` ndi ya mtundu wa `date`:

```sql
AND t.tsiku >= m.tsiku - 5
```

Malonda amene reti yawo yapitirira malire tsopano atuluka ndi `NULL`, ndipo agwidwa ndi kuwerenga kuja kwa mizere yopanda reti. Asadzazidwe ndi 1 kapena 0 pofuna kuti lipoti lituluke. Aimikidwe pambali mpaka munthu ataona chimene chavuta.

## Tsiku la malonda ndi liti kwenikweni

Mpaka pano takhala tikutenga tsiku la malonda ngati chinthu chodziwikiratu, koma pali mafunso awiri obisika. Loyamba ndi la kusiyana kwa nthawi pakati pa mayiko. Munthu akagula ku New York 11:30 usiku pa 27 Malichi 2024, ku Frankfurt inali 4:30 m'bandakucha pa 28 Malichi. Kompyuta ina itenga 1.0820, ina 1.0800, malinga ndi wotchi imene ikutsata podula nthawi kuti ikhale tsiku. Palibe yankho lobadwa nalo apa. Bungwe lisankhe wotchi imodzi, ilembedwe m'ndondomeko, ndipo tsiku lidulidwe pa wotchi imeneyo reti isanafufuzidwe. Mukaona mapulogalamu awiri akusiyana pa malonda a usiku okha, pamenepa ndiye poyambira kufufuza.

Lachiwiri ndi la nthawi imene reti imatuluka. Malonda a 9 koloko m'mawa pa 28 Malichi, mwalamulo lathu, ayenera kutenga reti ya pa 28. Koma reti imeneyo ituluka cha m'ma 4 koloko masana. Pulogalamu ikasintha ndalamazo nthawi yomweyo, ipeza ya pa 27 kukhala yomaliza. Lipoti likayendetsedwanso madzulo, lipeza ya pa 28. Kusasintha kwa yankho kuja kumangokhalapo reti ya tsikulo ikalowa m'tebulo. Pali njira zitatu zochitira. Mukhoza kudikira, n'kumasintha malonda a tsikulo usiku reti italowa. Mukhoza kusintha nthawi yomweyo koma n'kuika chizindikiro choti nambalayo ndi yongoyembekezera, n'kuitsimikiza madzulo. Kapena mukhoza kusankha mwadala kuti malonda onse azitenga reti ya tsiku lantchito lapitalo, zimene zimathandiza pamene kasitomala ayenera kuuzidwa mtengo pompopompo. Njira yachitatuyi ndi kulemba `<` m'malo mwa `<=`, kungotenga masiku a kumbuyo okha kuja kumene tinakutchula ngati cholakwika. Imakhala yolondola ikalembedwa m'ndondomeko n'kutsatidwa paliponse, ndipo imakhala cholakwika pamene gawo lina la pulogalamu likugwiritsa ntchito `<` lina `<=`.

Palinso funso la tsiku limene likutengedwa ngati la malonda, pakati pa tsiku la invoisi, tsiku lotumiza katundu ndi tsiku limene ndalama zalowa kubanki. Masiku amenewa amakhala ndi mareti osiyana, ndipo kusiyana kwa pakati pa reti ya tsiku lolemba malonda ndi ya tsiku lolandira ndalama kumalembedwa padera ngati phindu kapena kuluza kobwera ndi kusintha kwa reti. Kumbukiraninso kuti mareti a ECB ndi ongoyerekezera. Banki imene yasinthadi ndalama zanu imagwiritsa ntchito reti yakeyake yogulira kapena yogulitsira, choncho mayuro olowa mu akaunti sadzafanana ndendende ndi amene lamuloli lawerengera.

## Zoti muyang'ane lipoti lisanatuluke

Pa mzere uliwonse wa malonda, sungani reti imene yagwiritsidwa ntchito, tsiku la retiyo ndi gwero lake, osati yankho lokha. Ichi n'chifukwa chake SQL ija ikutulutsa `tsiku_la_reti`. Wina akadzakonza reti yakale m'tebulo la mitengo, mabuku otsekedwa kale sasintha okha, ndipo mungathe kupeza malonda onse amene anakhudzidwa ndi reti yolakwikayo.

Mukakhala ndi kolamu imeneyi, kuyesa kumaphweka. Chiwerengero cha mizere yotuluka chifanane ndi cha malonda olowa: ikachepa ndiye ina yatayika, ikachuluka ndiye malonda ena apeza mareti angapo. Pasapezeke mzere umene tsiku la reti lili kutsogolo kwa tsiku la malonda. Kenako chotsani tsiku la reti pa tsiku la malonda, muwerenge kuti mizere ingati yasiyana ndi masiku 0, 1, 2, 3 ndi 4. Pa gwero lotulutsa reti tsiku lililonse lantchito, malonda a pakati pa sabata ayenera kukhala pa 0, a Loweruka pa 1, a Lamlungu pa 2, ndipo 3 ndi 4 zizioneka pa maholide okha. Mukapeza kuti pa 0 palibe mzere ndi umodzi womwe, penapake palembedwa `<` m'malo mwa `<=`, kapena malonda akusinthidwa reti ya tsikulo isanalowe. Mukapeza malonda a Lachitatu wamba ali pa 1 pomwe anzawo a masabata ena ali pa 0, reti ya Lachitatu limenelo sinalowe m'tebulo, ndipo iyenera kukoperedwanso malondawo n'kuwerengedwa kachiwiri.